Kulemba ndime za lizi ya shopu kuchokera pa pepala la malangizo a kasitomala

Funso: Ndikuphunzira zamalamulo kuno ku Lilongwe, ndipo pa asesimenti ya kalembedwe ka zikalata anatipatsa pepala la malangizo ochokera kwa mayi wina yemwe ali ndi shopu ku Eliya 47, akufuna kubwereketsa kwa kampani yogulitsa zahadiweya. Pepalalo likuti zaka 3 kuyambira pa 1 Malichi 2025 mpaka pa 1 Malichi 2028, kampani itha kuwonjezera zaka 2 lendi yake adzakambirana, lendi ndi K900,000 pamwezi kulipira miyezi itatuitatu, izikwera ndi 15 pelesenti chaka chilichonse kapena izitsata dola, tenanti azikonza chilichonse koma denga lakumbuyo likudontha mayiwo akonza mvula isanayambe, ndipo akachedwa masiku 7 mayiwo atseka shopu ndikutenga katundu. Ine ndinalemba zonse osasiya kanthu koma andipatsa 46, alekichala angolemba kuti ndakopera malangizo sindinalembe lizi. Ndalakwitsa pati? Ndili ndi mwayi wobwereza.

Yankho: Achimwene, mawu a alekichala anuwo ngakhale akuwawa akuuzani vuto lenileni, ndipo ndi vuto lomwe ndimaliwona kwa pafupifupi aliyense amene wangoyamba kumene ntchito kuofesi kwathu. Pepala la malangizo salilemba kuti mulisandutse chilankhulo cha maloya basi ayi, amene anakonza mayesowo anabisamo dala zinthu zotsutsana, zinthu zosakwanira, ndi zina zoti lamulo silingalole, ndiye malikisi ambiri ali pamenepo, pa kuona kuti apa mayiwa anena chinthu choti chikalowa mu lizi mmene chililimu chidzawapweteka okha. Inu mukangotenga chiganizo chilichonse ndikuchiveka jekete ndiye kuti misampha yonse mwaitenga ndikuilowetsa mu lizi ndi manja anu. Ine pa pepala lanulo ndawerenga misampha yosachepera isanu ndi umodzi, ndiye tiyeni tiyende nayo bwinobwino. Pa mayeso mudzalemba m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, ine zitsanzo ndilemba m'Chichewa kuti muone maganizo ake, chifukwa ndime yomwe simungathe kuwafotokozera mayi aja m'Chichewa ndiye kuti inunso simunaimvetse.

Musanalembe liwu ndi limodzi lomwe dzifunseni kuti kasitomala wanga ndi ndani. Apa ndi mwini shopu, landilodi. Zikuoneka zachidziwikire koma ndawonapo anthu akulemba lizi yokoma kwambiri yoteteza tenanti pamene amene akuwalipira ndi landilodi, chifukwa anatenga chitsanzo cha lizi penapake ndikungosintha mayina. Paliponse pomwe pepala lili chete, inu mumadzaza mokomera kasitomala wanu bola osapyola malire a lamulo, kenako mumamuuza kuti apa simunanene kanthu ndiye ndaika chakuti, mukuvomera?

Tiyambe ndi nthawi, poti ndi pomwe msampha wokongola kwambiri uli. Zaka 3 zoyamba pa 1 Malichi 2025 sizitha pa 1 Malichi 2028, zimatha tsiku la dzulo lake, ndipo poti 2028 ndi chaka chomwe Febuluwale amafika pa 29, tsiku lomaliza ndi 29 Febuluwale 2028. Mukalemba mmene mayiwo anenera, kuwerengera masiku onse awiri, ndiye kuti mwapereka zaka 3 ndi tsiku limodzi. Wina anganene kuti aaa tsiku limodzi lokha ndi chiyani, koma m'malamulo athu a malo zaka 3 ndi malire enieni. Pansi pa Registered Land Act, yomwe ndi imene imagwira ntchito pa mapuloti ambiri a mumzinda muno okhala ndi taitolo nambala, lizi yosapitirira zaka 3 imatha kuima popanda kulembetsedwa ndipo imamangabe ngakhale munthu amene angadzagule malowo, koma ikapitirira zaka 3 iyenera kulembedwa pa fomu yovomerezeka ndikukalembetsedwa ku kaundula wa malo. Ndiye tsiku limodzi lija limaisamutsa lizi kuchoka mbali ina ya mzere kupita mbali inayo. Ndime yake ikhale yosapatsa munthu mpata wowerenga pawiri, mwachitsanzo: "Lizi iyi ndi ya zaka 3, kuyambira pa 1 Malichi 2025 mpaka pa 29 Febuluwale 2028, masiku onse awiriwa akuwerengedwa." Basi. Ndipo m'kalata yanu yopita kwa kasitomala munene kuti madeti omwe anapereka sakugwirizana ndi zaka 3 zomwe ananena, inu mwatsata zaka 3, atsimikize.

Koma musasangalale msanga kuti mwazemba zolembetsa, chifukwa mwayi wowonjezera zaka 2 uja ukubwezerani pomwepo. Lamulo lomweli limawerengera pamodzi nthawi yoyamba ndi nthawi yomwe tenanti ali ndi mphamvu yoitanitsa, ndiye 3 kuphatikiza 2 ndi 5, lizi yathu ikufunika kulembetsa ndithu. Tsegulani lamulolo pa gawo lokamba za malizi muwerenge nokha ndipo mutchule sekishoni yake m'kalata yanu, oyesa mayeso amakonda kuona kuti mwafika pa buku lenileni. Zikatero pakufunika ndime yonena kuti ndani alipira zolembetsa ndi msonkho wa sitampu, ndipo poti ndinu loya wa landilodi muika pa tenanti. Pepala lanu silinatchule taitolo nambala, ndiye musapeke nambala, siyani mpata m'mabulaketi ndikulemba m'kalata kuti mukufuna kuona taitolo ndikukachita setchi. Chifukwa china chofunira taitoloyo ndi chakuti mapuloti ambiri a m'maeliya muno eni ake nawonso ali pa lizi ya zaka 99, ndiye zomwe mayiwa akupereka ndi lizi yapansi pa lizi ina, muyenera kuona ngati lizi yawoyo ikufuna chilolezo asanabwereketse komanso ngati pulotiyo ndi yololedwa kuchitirapo bizinesi kapena ndi yanyumba zogona. Chiganizo chimodzi chokha chonena zimenezi chimaonetsa kuti mukuganiza ngati loya.

Tsopano mawu aja akuti lendi yake adzakambirana. Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera chifukwa amamveka aulemu, achimalawi, ngati anthu ogwirizana. Koma pangano loti tidzagwirizana mtsogolo si pangano, khoti silingakakamize anthu awiri kugwirizana pa mtengo. Ku Mangalande, komwe milandu yake makhoti athu amaiganizira ndithu pa nkhani ngati izi, mlandu wa King's Motors v Lax wopezeka m'malipoti a 1970 unagamula kuti mwayi wowonjezera lizi pa lendi yoti adzagwirizana, popanda njira ina iliyonse yopezera mtengowo, ndi wopanda mphamvu. Pomwe mu Brown v Gould, wa m'malipoti a 1972, ndimeyo inapulumuka chifukwa inapereka muyezo, inati lendi idzatengera mtengo wa pamsika wa malowo pa nthawiyo, ndiye khoti linali ndi pogwira. Phunziro lake kwa inu ndi lakuti mupereke muyezo komanso munthu woti adzadule nkhani akadzakanika kumvana. Mwina muganiza kuti popeza ndinu loya wa landilodi ndibwino kungoisiya ndimeyo yofooka kuti mayiwo asamangike, koma ayi, mayiwo anena okha kuti akufuna kupereka mwayiwo, ndipo ndime yofooka mathero ake ndi mlandu, womwe adzalipire ndi iwo omwe. Ntchito yanu ndi kuilemba yolimba koma yokhala ndi zitseko zoteteza kasitomala wanu. Ine ndikanalemba motere:

"Ngati Tenanti afuna kuwonjezera lizi ndi zaka 2, apereke notisi yolemba kwa Landilodi pakati pa 1 Sepitembala 2027 ndi 30 Novembala 2027. Mwayi uwu udzagwira ntchito pokhapokha ngati pa tsiku la notisi komanso pa 29 Febuluwale 2028 Tenanti alibe ngongole ya lendi. Lendi ya nthawi yowonjezerayo idzakhala yomwe awiriwa agwirizana polemba pasanathe masiku 30 chilandirireni notisi, ndipo akalephera, idzakhala lendi ya pamsika yomwe adzatchule katswiri wovomerezeka woyesa mitengo ya nyumba, koma isatsike kuposa lendi ya chaka chachitatu. Lizi yatsopanoyo idzakhala ndi mfundo zonse za lizi ino kupatula ndime ino."

Taonani mawu omalizawo, kupatula ndime ino. Mukawaiwala tenanti adzabwera ndi mtsutso woti lizi yatsopano nayonso ili ndi mwayi wowonjezera, ina ikatha inanso, mpaka kalekale, ndiye mayi aja shopu yawo kuipeza kwake kovuta. Muwonjezerenso kuti katswiriyo amusankha ndani akapanda kumvana pa dzina, ndi kuti amulipira ndani, apo ayi mkangano mwangousuntha kuchoka pa lendi kupita pa munthu.

Tibwere pa ndalama, pomwe ndikufuna tikhalitsepo pang'ono chifukwa mikangano yambiri yomwe ndakhala ndikuiona imayambira apa. Ndime ya lendi iyenera kuyankha mafunso awa popanda munthu kuimba foni kwa wina: zingati, liti, patsogolo kapena pambuyo, kudzera kuti. Pepala likuti miyezi itatuitatu koma silinanene ngati ndi kulipiriratu kapena kulipira miyeziyo itatha, ndipo lizi ikakhala chete pamenepa lamulo lachizolowezi limatenga kuti lendi imalipiridwa kumapeto kwa nyengo, zomwe si zomwe landilodi aliyense wa mu Lilongwe amayembekeza. Ndiye lembani kuti K2,700,000 pa miyezi itatu iliyonse, kulipiriratu, pa 1 Malichi, 1 Juni, 1 Sepitembala ndi 1 Disembala, ku akaunti ya kubanki yomwe Landilodi adzatchule polemba. Madetiwo atchuleni, musangoti kotala iliyonse, chifukwa wina kotala amaiwerenga kuyambira Januwale.

Nanga 15 pelesenti ija ndi ya chiyani? Tengani kakyuleta. Chaka chachiwiri palibe vuto, K900,000 kuwonjezera 15 pelesenti ndi K1,035,000. Chaka chachitatu ndi pomwe njira zimasiyana, mukawerengera pa lendi ya chaka chachiwiri mupeza K1,190,250 koma mukawerengera pa lendi yoyamba ija mupeza K1,170,000. Kusiyana kwake ndi K20,250 pamwezi, pachaka K243,000, ndalama yoti anthu atha kusiya kupatsana moni. Loya wa landilodi atenga njira ya K1,190,250 ija, ndipo njira yosavuta yotsekera mkangano ndi kulemba manambala enieniwo mu lizi, chaka choyamba zakuti, chachiwiri zakuti, chachitatu zakuti, pamwezi ndi pa miyezi itatu. Ophunzira ambiri amaopa masamu pa mayeso a zamalamulo koma apa ndi malikisi aulere.

Za dola zija, mayiwo ndikuwamvetsa ndi mtima wonse. Kwacha inagwa ndi 25 pelesenti mu Meyi 2022, ndikudzagwanso ndi 44 pelesenti mu Novembala 2023, ndiye munthu amene anasaina lendi ya zaka zitatu isanafike nthawi imeneyo anaona ndalama yake ikusungunuka ali chipenyere, simenti ndi malata zokonzera nyumba yomweyo zitakwera. Koma pali mavuto awiri. Loyamba ndi liwu loti kapena, silikunena kuti amasankha ndani, liti, ndi pa leti iti, ya banki iti, ya tsiku liti. Lachiwiri ndi lalikulu, malamulo athu oyendetsera ndalama zakunja amaletsa kutchula mitengo kapena kuitanitsa malipiro m'ndalama zakunja pa malonda a m'dziko momwe muno, ndiye ndime yomangirira lendi ya shopu ya ku Eliya 47 ku dola ikuika kasitomala wanu pa ngozi, ndipo ndi ndime yomwe tenanti adzaigwiritse ntchito pokana kulipira. Choti muchite ndi kulemba lendi m'makwacha ndi 15 pelesenti yake, za dola osazilowetsa, ndipo m'kalata muwauze mayiwo chifukwa chake ndikuwapatsa njira ina, monga kuunikanso lendi chaka ndi chaka potengera mtengo wa pamsika ngati akuona kuti 15 pelesenti siikwana. Kusiya mwadala chinthu chomwe kasitomala wapempha ndikufotokoza chifukwa kumapatsa malikisi, kuchisiya mwakachetechete ndiye kumaoneka ngati mwaiwala.

Kanthu kena kakang'ono pa lendi pomwepa. Zitsanzo zambiri za lizi zimati lendi ilipiridwe yonse popanda kuchotsapo kalikonse. Koma tenanti wathu ndi kampani, ndipo lamulo la misonkho limaikakamiza kudula msonkho pa lendi ndikukapereka ku MRA. Ndiye lembani kuti popanda kuchotsapo kalikonse kupatula msonkho womwe lamulo likulamula kudula, ndipo Tenanti apereke satifiketi ya msonkhowo kwa Landilodi pasanathe masiku akuti. Mukapanda kutero mwalemba ndime yoti tenanti akamvera lamulo la dziko waphwanya lizi. Magetsi a Esikomu ndi madzi a Wotabodi ikani pa tenanti m'chiganizo chimodzi, maleti a khonsolo ya mzinda ndi lendi ya nthaka yopita kwa mwini lizi yaikulu pepala silinanene, sankhani mbali ndipo mufunse.

Za kukonza tsopano. Pepala likudzitsutsa lokha m'mzere umodzi, ndipo mukalemba ndime ziwiri, ina yoti tenanti akonza zonse ina yoti landilodi akonza denga, osazilumikiza, ndiye tsiku lomwe simenti ya kampani ija idzanyowe aliyense adzaloza ndime yake. Dziwaninso kuti mawu oti kusunga nyumba ili bwino ndi olemera kuposa mmene amamvekera. Kuyambira kale, mu mlandu wa Payne v Haine wa 1847, makhoti anati amene walonjeza kusunga nyumba ili yokonzeka ayenera kuyamba waikonza ngati anaipeza yowonongeka, poti sungasunge bwino chinthu chomwe sichili bwino. Kwa landilodi zimenezi ndi zokoma, koma apa mayiwo adzipereka okha pa denga, ndiye ulemu wake ndi kulichotsa dengalo momveka bwino m'manja mwa tenanti mpaka litakonzedwa. Komanso mvula isanayambe si deti. Kuno mvula pena imayamba pakati pa Novembala pena imachedwa mpaka Disembala, ndipo kamvula kamodzi ka chizimalupsa mu Okutobala wina adzati mvula yayamba. Ikani tsiku:

"Landilodi akonza denga la mbali yakumbuyo, lomwe laonetsedwa pa zithunzi za mu Ndandanda 2, kuti lisadonthe, ndi ndalama zake, pasanafike pa 31 Okutobala 2025. Kupatula ntchito imeneyi, Tenanti asunga malo onse ali bwino, mkati ndi kunja, ndipo denga lakumbuyo lidzalowa mu udindo wa Tenanti kuyambira tsiku lomwe ntchitoyo yatha. Tenanti alola Landilodi ndi amisiri ake kulowa kudzagwira ntchitoyi atapatsidwa notisi ya masiku 3."

Deti la 31 Okutobala ndi lanu, si la mayiwo, ndiye liikeni m'mabulaketi ndikuwafunsa ngati angakwanitse, chifukwa mukuwamanga nalo. Chiganizo cha kulowa chija anthu amachiiwala, koma mukangopereka lizi malowo ali m'manja mwa tenanti, mwini wake sangangolowa mmene wafunira ngakhale ndi wake, ndiye mpata wolowera uyenera kusungidwa mu lizi. Ndandanda ya zithunzi ndi kufotokoza mmene shopu ilili pa tsiku lolowa ndi chinthu chotchipa chomwe chimapulumutsa anthu. Ndinagwirapo nkhani ina ya shopu ya mbali ya ku Malangalanga pomwe landilodi ndi tenanti anakangana miyezi yambiri pa mng'alu wa pansi, wina akuti unalipo kale wina akuti mwaswa ndi katundu wanu wolemera, ndipo panalibe chithunzi ndi chimodzi chomwe, ndalama zomwe zinapita pa mkanganowo zinaposa mtengo wothira simenti pansi ponsepo. M'kalata muwachenjezenso mayiwo kuti loya wa kampani adzapempha kuti makoma, maziko ndi denga zikhale za landilodi komanso kuti kutha kwa zinthu kobwera ndi kugwiritsa ntchito mwachizolowezi kusawerengedwe, ndiye akonzekere pomwe angalolere. Ndipo moto ukabuka? Pepala lili chete pa inshulansi, koma ndime yoti tenanti akonza chilichonse singayende yokha popanda kunena kuti nyumba aiika pa inshulansi ndani ndi kuti lendi iyima kapena ayi shopu ikapsa.

Msampha womaliza ndi womwe ndimada nawo nkhawa kwambiri, chifukwa ndi umene umachitika tsiku ndi tsiku m'tauni muno, landilodi kubwera ndi loko wake mamawa ndikukhoma pamwamba pa loko wa tenanti. Mukalemba kuti akachedwa masiku 7 Landilodi atseka ndikutenga katundu, mwapatsa mayiwo pepala lowalimbitsa mtima kukachita chinthu chomwe chingawabweretsere mlandu wolipira chipukuta misozi choposa lendi yomwe amafuna. M'chiganizo chawocho muli zinthu ziwiri zosiyana zomwe muyenera kuzilekanitsa. China ndi kuthetsa lizi chifukwa tenanti waphwanya pangano, china ndi kugwira katundu kuti ngongole ya lendi ibwezedwe. Kuthetsa lizi lamulo limalola, koma Registered Land Act imafuna kuti landilodi ayambe wapereka notisi yolemba yonena chomwe chaphwanyidwa ndikupereka nthawi yokwanira yoti chikonzedwe, ndipo tenanti ali ndi ufulu wopita kukhoti kukapempha kuti lizi isathe, khoti ndikuona ngati ndi koyenera kumukhululukira atalipira. Kugwira katundu nakonso kuli ndi njira yake yodzera kwa masherifu, si ntchito ya landilodi ndi anyamata ake. Komanso ziwirizi zimakankhana, chifukwa kugwira katundu pa lendi kumatanthauza kuti mukuvomereza kuti lizi ikadalipo, ndiye simungati lizi ndaithetsa uku mukuchita zinthu ngati landilodi wa lizi yamoyo.

Ndiye chomwe mayiwo akufuna chenicheni ndi chiyani? Akufuna asamathamangitsane ndi munthu pa lendi. Apatseni zimenezo m'njira yololedwa. Masiku 7 awo asungeni, akhale poyambira: lendi ikakhala yosalipiridwa masiku 7 chidutsireni tsiku lake, kaya yaitanitsidwa kaya ayi, Landilodi angathe kupereka notisi yomwe lamulo likufuna, ndipo Tenanti akapanda kulipira m'nthawi ya notisiyo Landilodi angathe kuthetsa lizi ndikutenganso malo ake motsata lamulo, popanda kutaya ufulu wake woitanitsa ngongole. Onani kuti apa ndi angathe, osati ayenera, chifukwa ndi ufulu wa mayiwo, atha kusankha kusaugwiritsa ntchito. Kusakaniza mawu okakamiza ndi mawu opereka ufulu ndi kulakwitsa komwe oyesa amakuona msanga, ndiye ndime iliyonse muziifunsa kuti kodi uyu akukakamizidwa kapena akuloledwa. Onjezerani chiwongola dzanja pa lendi yochedwa, chomangirira ku leti yodziwika ya banki yotchulidwa dzina osati nambala yongolusa nayo, ndipo muwalangize za dipoziti, mwachitsanzo ya miyezi iwiri yomwe ndi K1,800,000, komanso poti tenanti ndi kampani yomwe mwina ilibe katundu wake weniweni, kuti mmodzi wa madailekitala asaine ngati chikole. Izi pepala silinapemphe, ndiye zikhale m'mabulaketi kapena m'kalata ngati malangizo, musawaikire mayiwo mawu m'kamwa. Muwauzenso chinthu chimodzi chomwe malandilodi ambiri sadziwa, kuti akadziwa kuti tenanti waphwanya pangano, tinene wabwereketsa mbali ya shopu kwa wina popanda chilolezo, iwo ndikulandirabe lendi ya nyengo yotsatira, angathe kutaya ufulu wothetsa lizi pa kuphwanya kumeneko.

Pa kaonekedwe sinditaya nthawi yambiri. Tanthauzirani mawu anu kamodzi koyambirira, Landilodi, Tenanti, Malo, Lendi, Nthawi ya Lizi, ndipo mukatero musasinthe, osati apa Malo apo shopu uko nyumba, chifukwa wowerenga lizi amaganiza kuti liwu losiyana likutanthauza chinthu chosiyana. Ndime iliyonse ikhale ndi nambala ndi nkhani imodzi. Mawu akalekale a m'zitsanzo zija, aataliatali opanda mpumiro, sakupatsani malikisi, ndipo ngati mwakopera ndime yomwe ikukamba za chikepe chokwerera m'nyumba yosanja pamene shopu yathu ndi yapansi, alekichala adziwa pompo komwe mwaitenga. Ntchito yololedwa pamalopo itchuleni, kugulitsa zahadiweya, ndipo muletse kubwereketsa kwa wina popanda chilolezo cholemba.

Pobwerezapo chitani chonchi. Mphindi 15 zoyamba musalembe ndime, tengani pensulo muyende pa pepala la malangizo mzere ndi mzere, pambali pa mfundo iliyonse muike chizindikiro chosonyeza ngati ili bwino, ngati ikutsutsana ndi ina, ngati ikusowa kanthu, kapena ngati lamulo likuikana. Mukamaliza kulemba bwererani pa pepala lomwelo ndikulemba nambala ya ndime pambali pa mfundo iliyonse, yomwe ilibe nambala iyenera kupezeka m'kalata. Kalatayo isatalike, tsamba limodzi lakwana, ndipo pa nkhani yathuyi ikhala ndi deti lomaliza lomwe mwasintha, zolembetsa ndi taitolo yomwe mukufuna kuona, njira yopezera lendi ya zaka 2 zowonjezera, manambala a 15 pelesenti, chifukwa chomwe dola mwaisiya, deti la denga, ndi chifukwa chomwe loko simunamulembe. Ngati malangizo a mayeso akuti ndime zokha popanda kalata, ikani mfundo zomwezi ngati timanotsi tachidule pansi pa ndime iliyonse yokhudzidwa. Kenako werengani lizi yonse kamodzi ngati kuti ndinu loya wa kampani ya hadiweya ija amene akufunafuna pothawira kulipira K3,570,750 ya pa 1 Malichi 2027, muone ngati pali liwu lomwe angagwire.